Kukuta Mapaipi a Madzi Otentha: Paipi Iti, Nanga Ndalama Imabwerera Liti?

Madzulo ano tikwera musiling'i, ndiye konzani makwerero ndi tochi.

Mwezi wa Juni chaka chatha, mlamu wanga amene ali ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi zitatu anandiitana. Dandaulo lake linali la mayunitsi a magetsi. Anati, "Alamu, alendo alipo kaya palibe, mita ikungodya. Kodi andilodza kapena wina akundibera magetsi?" Tinazimitsa mababu, firiji ndi wailesi yakanema, koma mita inkangotsikabe. Kenako tinakwera musiling'i. Kunja kunali chiperoni, anthu atavala majuzi awiriawiri, koma m'mwambamo munali mofunda moti ndinavula jekete. Pakona mphaka anali atadzipinda, ali m'tulo tofa nato, msana atatsamira paipi yamkuwa. Nditaigwira paipiyo ndinabweza dzanja msanga. Ndinati, "Alamu, wakuba wanu ndi uyu. Mukulipira magetsi kuti mphaka aziwotha."

Pa zimene tikambirane lero, ndikufuna mutengepo mfundo imodzi. Pofuna kudziwa ngati kukuta paipi kuli ndi phindu, musayambe ndi kufunsa kuti paipiyo ndi yayitali bwanji. Funsani kuti imakhala yotentha maola angati patsiku. Pali paipi imene chokutira chake chimabweza ndalama m'miyezi iwiri, ndipo pali ina imene ndalamayo siidzabwerera mpaka zidzukulu zanu zitamera imvi. Zonsezi zikhoza kukhala m'nyumba imodzi.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife madzi osamba timaphitsa pambaula kapena pamafuwa. Kwa inu langizo ndi lalifupi: vindikirani poto. Koma ngati pakhomo panu pali giza, ngati mumayang'anira chipatala, sukulu yogonera komweko kapena malo ogona alendo, kapenanso ngati ndinu pulambala, sendezani wailesi pafupi.

Tiyambe ndi yuniti, ija timagula ku Escom. Yuniti imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Tsono madzi ndi adyera. Kuti giza ya malita 150 itenthetse madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, imadya mayunitsi pafupifupi 7. Kutentha kumene mwagulako sikukhala phee. Kumafuna kuthawira kulikonse kumene kuli kozizirirapo, monga tiyi amazizirira m'kapu. Giza payokha inavekedwa kale chofunda kufakitale, pakati pa thanki yam'kati ndi chitsulo chakunja, mofanana ndi fulasiki. Koma madziwo akangotuluka m'giza amalowa m'paipi yosavala kanthu, ndipo mkuwa umadutsitsa kutentha mofulumira kwambiri.

Nanga kumathawa kochuluka bwanji? Titenge paipi yamkuwa ya mamilimita 22, ija ikuluikulu imatuluka pagiza. Madzi ali pa madigiri 60, mpweya wozungulira uli pa 20, kusiyana kwake ndi madigiri 40. Mita imodzi ya paipi yotere imataya mawati apakati pa 30 ndi 40. Yatsopano yonyezimira imataya pang'ono, yakale yothimbirira kapena yopaka penti imataya zambiri, ndipo pakamawomba mphepo zimaposa apa. Ife tigwire 35. Paipi yaing'ono ya mamilimita 15, ija imapita kubafa ndi kusinki, imataya pakati pa 25 ndi 30.

Ena munena kuti kwathu tinaika mapaipi apulasitiki, obiriwira aja olumikiza ndi moto. N'zoona kuti pulasitiki sidutsitsa kutentha ngati mkuwa, koma khungu lake ndi lopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi basi. Ikatenthedwa mokwanira imataya mawati osatalikirana kwenikweni ndi a mkuwa. Igwireni wina akamasamba, mumva nokha.

Tsopano tiiveke paipi ija. Chokutira chimene chimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira ndi siponji wooneka ngati paipi, wotuwa kapena wakuda, wong'ambika m'litali kuti alowe mosavuta. Chimene chimagwira ntchito mmenemo ndi timatumba ting'onoting'ono ta mpweya totsekeredwa m'kati. Mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga, ndiye chifukwa chake bulangete limafunditsa. Mukaveka siponji wokhuthala mamilimita 13 pa paipi ya 22 ija, mawati 35 aja amatsika kufika pa 10. Ndibwereze: kuchoka pa 35 kufika pa 10. Mwapulumutsa mawati 25 pa mita iliyonse, kwa nthawi yonse imene paipiyo ili yotentha.

Mawu akuti "kwa nthawi yonse imene ili yotentha" ndiwo mwini nkhani. Tiyeni tione mapaipi anayi.

Yoyamba ndi ya alamu anga. M'malo ogona alendo, mlendo safuna kudikira madzi otentha atavula kale. Ndiye pulambala amaika kapampu kakang'ono kozungulitsa madzi: amatuluka m'giza, n'kudutsa pamwamba pa zipinda zonse, n'kubwereranso m'giza. Mpopi uliwonse umakhala ndi madzi otentha pafupi. Koma zikatero paipi yonse imakhala yotentha usana ndi usiku, alendo alipo kaya palibe. Tinayeza ndi tepi, tinapeza mamita 40. Mamita 40 kuchulukitsa ndi mawati 35, tikupeza mawati 1,400. Zili ngati ayironi imene mwaiwala kuzimitsa, yoti siipumira, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Patsiku ndi mayunitsi opitirira 33. Mukaikuta imataya mawati 400 okha, mayunitsi osakwana 10 patsiku. Otsala m'thumba ndi mayunitsi 24 tsiku lililonse, 720 pamwezi. Tikagawa pa mita imodzi, ndi mayunitsi 18 pamwezi. Isungeni nambala imeneyo.

Yachiwiri ili m'nyumba iliyonse ya giza, ndipo ndi yaifupi: mita imodzi kapena awiri oyambirira kuchoka pagiza. Kwerani m'mawa munthu asanatsekule mpopi uliwonse, mugwire paipi yotulutsa madzi otentha. Mupeza ili yofunda. Chifukwa chake n'chakuti madzi otentha ndi opepuka, amakwera okha kulowa m'paipimo, amazizira akakhudza mkuwa, n'kutsikiranso m'giza, ena otentha n'kukwera. Amazungulira choncho popanda pampu, ndipo nawo mkuwa umakoka kutentha kuchoka pathanki. Ngakhale paipi yolowetsa madzi ozizira imakhala yofunda pafupi ndi giza. Chigawo chimenechi sichitentha ngati madzi a m'giza, ndiye titenge kuti chokutira chikupulumutsa mawati 10 okha pa mita. Koma popeza ndi maola 24, pamwezi akukwana mayunitsi 7 pa mita iliyonse. M'mayiko ena zimenezi zinalowa m'malamulo omangira nyumba. Ku Mangalande amafuna kuti mapaipi olumikizidwa kuthanki ya madzi otentha akutidwe kwa mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo paipi yozungulitsa madzi ikutidwe yonse. Abale athu ogwira ntchito zomangamanga ku South Africa akudziwanso kuti kumeneko kukuta mapaipi a madzi otentha m'nyumba zatsopano ndi lamulo.

Yachitatu ndi yopita kubafa. Tiyerekeze banja la anthu anayi, paipi ya mamilimita 15 yotalika mamita 10. M'paipi yotere mumakhala madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Bambo asamba mphindi khumi, patapita kanthawi mayi, kenako ana awiri. Paipi yosakuta, mukatseka mpopi, madzi ake amatsika kuchoka pa madigiri 60 kufika pa 40 m'mphindi pafupifupi 15. Yokuta imatenga mphindi ngati 40 kuti ifike pomwepo. Ndiye wachiwiri kusamba amapeza madzi akadali otentha, sataya ozizira podikira. Phindu lilipo. Koma tikaphatikiza zonse, nthawi imene madzi akuyenda ndi nthawi yodikirana, paipiyo imakhala yotentha ola limodzi ndi theka basi. Zopulumuka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a yuniti patsiku, pa mamita khumi onsewo. Pachaka ndi mayunitsi ngati 70, kutanthauza mayunitsi 7 pa mita. Mwamva kusiyanako? Paipi yapagiza, mayunitsi 7 pamwezi. Paipi yakubafa, mayunitsi 7 pachaka.

Yachinayi ndi ya mpopi wakutali, monga sinki ya m'chipinda cha alendo, imene imatsekulidwa mphindi ziwiri m'mawa ndi mphindi ziwiri madzulo. Apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. Chokutira sichiletsa madzi kuzizira, chimangochedwetsa. Pakatha maola atatu, madzi a m'paipi yokuta amakhala atazizira pafupifupi mofanana ndi a m'paipi yosakuta. Ngakhale mu fulasiki tiyi wadzulo sakhala wotentha mpaka kalekale, nanga siponji wa mamilimita 13? Choncho kutentha konse kotsalira m'paipi mukatseka mpopi kumatayika ndithu, mwakuta kapena simunakute. Chimene mwapulumutsa ndi cha mphindi zinayi zokha zimene madzi amayenda: pachaka, theka la yuniti pa mita.

Omvera, mukumvera nkhani ya mapaipi a madzi otentha. Kwa amene mwangotsekula kumene, taona mapaipi anayi. Yozungulitsa madzi ndi pampu imapulumutsa mayunitsi 18 pamwezi pa mita. Yapagiza, 7 pamwezi. Yakubafa kwa banja, 7 pachaka. Ya mpopi wakutali, theka la yuniti pachaka. Tsopano tibwere ku ndalama.

Mitengo ya zinthu ikusintha mofulumira, ndiye sindikupatsani mtengo woti mawa udzakhale wabodza. Ndikupatsani njira yowerengera nokha. Pitani kusitolo mukafunse mtengo wa chokutira pa mita imodzi, muwonjezepo za tepi ndi za mmisiri ngati simuika nokha. Kenako tengani lisiti lanu la mayunitsi, mugawe ndalama imene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira. Umenewo ndiye mtengo weniweni wa yuniti kwa inu, msonkho uli momwemo. Pomaliza gawani mtengo wa chokutira ndi mtengo wa yuniti. Yankho lake ndi ngongole imene mita imodzi ya chokutira iyenera kukubwezerani, m'mayunitsi.

Tingoyerekeza: chokutira chakudyerani K6,000 pa mita, ndipo yuniti mukugula K150. Ngongole ndi mayunitsi 40. Paipi ya alamu anga, yobweza 18 pamwezi, imaliza ngongoleyo m'miyezi iwiri ndi masiku ochepa. Yapagiza imaliza m'miyezi isanu ndi umodzi. Yakubafa itenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Ya mpopi wakutali, zaka 80. Mitengo yanu ikhala yosiyana ndi yanga, koma mndandanda wake susintha. Ndipo magetsi akakwera mtengo, ngongole imatha msanga.

Pali zinthu zitatu zimene zimasuntha nambalazi. Choyamba ndi nyengo. Kutentha kumathawa molingana ndi kusiyana kwa madzi ndi mpweya. Usiku wa Julayi ku Dedza kapena ku Mzuzu, mpweya ukatsika kufika pa madigiri 10, kusiyana kumakhala 50 m'malo mwa 40, ndipo zotayika zimakwera ndi gawo limodzi mwa anayi kapena kuposerapo. Masana a Okotobala ku Nsanje, pansi pa malata, musiling'i mumatentha moti paipi imataya zochepa kwambiri. Chachiwiri ndi maola amene giza imayaka. Ngati mumayatsa ola limodzi m'mawa, n'kusamba madzi onse, n'kuzimitsa, ndiye kuti paipi yapagiza sikhala yofunda tsiku lonse, ndipo ngongole ichedwerapo. Chachitatu ndi chimene mumatenthetsera madzi. Ngati ndi dzuwa, kutentha kotayikako simunakugule ndi ndalama. Koma mumakulipira mwanjira ina: madzi am'mawa amakhala ofunda chabe, n'kuyatsa magetsi kuti muwonjezere.

Mwina mukufunsa, bwanji osagula chokhuthala kwambiri kuti kutaya kutheretu? Tibwerere ku paipi ya 22. Yosavala, mawati 35. Siponji wa mamilimita 13, mawati 10. Mukawirikiza kufika mamilimita 25, mawati 7. Chofunda choyamba chachotsa 25, chowonjezeracho chachotsa 3 okha. N'chimodzimodzi bulangete: loyamba ndilo limachotsa kuzizira, lachiwiri limangothandizira. Pa paipi yotentha maola 24, mawati atatuwo amakwana mayunitsi 26 pachaka pa mita, ndiye chokhuthala chili ndi phindu ngati mtengo wake sunalumphe kwambiri. Pa paipi yakubafa n'kutaya ndalama.

Tsopano kaikidwe kake, chifukwa chokutira choikidwa molakwika chimawononga phindu lonse tawerengerali. Musanakwere, zimitsani magetsi a giza pabokosi lalikulu. M'mwambamo pondani pamatabwa okhaokha. Siling'i sinyamula munthu, ndipo ambiri atulukira kuchipinda chochezera miyendo ili patsogolo.

Gulani chokutira chofanana kukula ndi paipi: cha 15 pa paipi ya 15, cha 22 pa ya 22. Chikakula, mpweya umayenda m'kati n'kutuluka ndi kutentha. Chikachepa, mng'alu wake sutsekeka. Mng'aluwo utsekeni ndi guluu wake kapena tepi, ndipo uziyang'ana pansi kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Pomanga musafinye. Ndinaonapo mmisiri atamanga ndi waya mwamphamvu mpaka siponji kuoneka ngati soseji. Pamene mwafinya mwatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo munagula. Pokhota dulani mbali zonse ziwiri mopendeketsa kuti zikumane bwino ngati ngodya ya felemu ya chithunzi. Amisiri aulesi amakuta poongoka pokha n'kusiya pokhota ndi polumikizira pali poyera, chonsecho pafupi ndi giza ndi pamene zokhota zimachuluka.

Pali malo oti musakutepo. Valuvu yotetezera giza, ija imatulutsa madzi mphamvu ikachuluka, isiyeni poyera, ndipo kukamwa kwa kapaipi kake kusatsekedwe ndi chilichonse. Musakutenso bokosi la mawaya. Ngati madzi mumatenthetsa ndi nkhuni m'ng'anjo ya mgolo, siponji asayandikire moto kapena chumuni. Pamenepo pamafunika chokutira cha ubweya wagalasi, ndipo pochigwira valani magolovesi ndi chotseka pamphuno chifukwa chimayabwa.

Mdani wamkulu wa chokutira ndi madzi. Chikanyowa, madzi amalowa m'malo mwa mpweya, ndipo madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya maulendo opitirira 20. N'chifukwa chake ziguduli ndi zisanza zimathandiza pang'ono m'nyumba mouma, koma panja mvula ikagwa zimasanduka chovala chonyowa. Pa paipi yachitsulo, chinyezi chobisala pansi pa chokutira chimadyetsa dzimbiri mwakachetechete. Choncho konzani kaye podontha musanakute.

Mdani wachiwiri ndi dzuwa. Siponji wosiyidwa padenga amauma, amang'aluka, kenako amayoyoka ngati chikondamoyo chakale. Mpakeni penti yoteteza ku dzuwa kapena mumuphimbe ndi lata wopyapyala. Ndipo pa giza ya sola samalani kwambiri: mapaipi ochokera pagalasi lotenthetsera amatha kutentha mpaka madzi kuwira, ndipo siponji wotuwa wamba amafota kapena kusungunuka. Funsani chakuda cha labala chopangidwira kutentha kwambiri, ndipo muwerenge madigiri olembedwa pa paketi. Mdani wachitatu ndi makoswe, amene amaona siponji ngati zomangira chisa. Kwerani kamodzi pachaka mukaone.

Mudziwa bwanji kuti zagwira ntchito? Dzanja ndilo loyamba. Gwirani kunja kwa chokutira madzi otentha akuyenda. Chizimveka chofunda pang'ono chabe. Pamene pakutentha, pali mpata kapena panyowa. Chachiwiri ndi mita ya magetsi. Sankhani masiku atatu musanakute. Madzulo aliwonse, giza itatenthetsa kale madzi, lembani mayunitsi otsala, musatsekule mpopi wa madzi otentha usiku wonse, m'mawa mulembenso. Mukakuta bwerezani masiku ena atatu, zipangizo zina zonse zikhale monga zinalili. Pa malo ngati a alamu anga kusiyana kumaoneka usiku woyamba womwe. Panyumba wamba kusiyanako n'kochepa, kumabisala m'kuyaka ndi kuzima kwa firiji, ndiye musakhumudwe ngati mita sikuonetsa bwino.

Alamu anga anachitanso china chimene sichinafune siponji. Anaika kawotchi kozimitsa pampu pakati pa usiku alendo akagona, ndi kuyatsanso mbandakucha. Maola amene paipi ili yotentha anachepa, ndipo mwamva kale kuti maola ndiwo amadya ndalama. Koma chenjezo: musatsitse kutentha kwa giza pofuna kusunga mayunitsi. Madzi ofunda chabe, apakati pa madigiri 20 ndi 45, ndiwo amaswetsa tizilombo toyambitsa chibayo choopsa, timene munthu amapumira limodzi ndi nthunzi ya m'shawa. Giza izikhala pa 60. Kuchipatala, kumene kuli odwala ofooka, nkhani yozimitsa pampu isiyireni akatswiri a zaumoyo.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa amene mukumanga. Kudikira madzi otentha m'mawa sikutha ndi chokutira, chifukwa madzi ogona m'paipi amayenera kutuluka kaye. Mankhwala ake ndi paipi yaifupi ndiponso yaing'ono. Paipi ya 22 imasunga madzi ochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 15, ndiye mumataya kawiri ndi kudikira kawiri. Ikani giza pafupi ndi bafa limene limagwira ntchito kwambiri. Muuzeni pulambala kuti paipi yotuluka pagiza aipinde itsike kaye pansi isanakwere, chifukwa madzi otentha satsika okha, ndipo kuzungulira kuja kumathera pomwepo. Paipi yolowa m'khoma ivekeni pulasitala asanapakidwe. Njerwa ndi simenti zimayamwa kutentha, ndipo khoma likatsekedwa simudzaswanso.

Ndipo musaiwale mpopi wodontha. Ikani botolo pansi pake kwa ola limodzi muone. Ngati mpopi wa madzi otentha ukutaya malita 15 patsiku, giza ikutenthetsa malita 15 ena olowa m'malo mwake, ndipo ndi mayunitsi opitirira 20 pamwezi. Zimenezo zikuposa katatu zimene mungapulumutse pokuta paipi yonse yakubafa ija. Kalabala ka mumpopi, kotsika mtengo kuposa botolo la chakumwa, katsogole. Paja amati madzi akatayika saoleka, ndipo otentha amapita ndi ndalama yomwe.

Ndiye dongosolo lake nali. Yambani ndi podontha. Kenako kutani paipi iliyonse imene mukaigwira m'mawa, munthu asanatsekule mpopi, ikumveka yofunda: yozungulitsa madzi yonse, ya sola yonse, ndi mamita awiri oyambirira a mapaipi onse apagiza. Yakubafa ikuteni ngati ndalama yatsala ndipo m'nyumba mumasamba motsatizana. Ya mpopi wakutali isiyeni, ndalamayo mugulire ana makope.

Alamu anga anakuta mamita 40 aja Loweruka limodzi, iwo ndi mnyamata wawo wantchito. Mphaka uja anasamukira kukhitchini.

Mawa m'mamawa, musanasambe, kwerani mukagwire paipi yanu.